Kodi Mwaitana Ndani ku Bwalo? Za Mizere ya Pamwamba pa Imelo

Nkhani yokambidwa kwa ogwira ntchito za m'maofesi ku Fingoé, m'boma la Marávia, chigawo cha Tete

Ena mwachokera ku Chiputo, ena ku Malowera, ena ku Chipera, ndipo fumbi la m'njira likadali pa nsapato zanu, choncho ndilowa m'nkhani mosazungulira.

Pamene ndinkayamba ntchito ya ulembi, kalata ya ofesi, ija timaitcha ofisiyu, tinkaitayipa pa makina. Bwana akati kalatayo aionenso munthu wina, tinkalowetsa pepala la kaboni pakati pa mapepala awiri, n'kumenya zilembo mwamphamvu kuti zidutse. Kope yachiwiri inkaoneka bwino, yachitatu inkayamba kufuwa, yachinayi munkachita kuiyang'anitsa padzuwa. Pansi pa kalata tinkalemba C/c ndi dzina la wolandira kopeyo, kuti mwini kalata adziwe kuti nkhaniyi aimvanso auje. Kenaka kalata inkapita kukalandira nambala ndi chidindo, n'kulembedwa m'buku. Panjira yonseyi panalibe munthu wolandira kope mwangozi, chifukwa kope iliyonse inkadya kaboni, pepala, envelopu ndi mphamvu ya chala. Musanawonjezere dzina munkayamba mwaganiza.

Lero kaboni anatha, koma zilembo zake zinatsala. Cc amene mumamuona pa foni ndi yemwe uja wa pa makina otayipira. Chasintha n'chakuti kuwonjezera dzina sikudyanso kanthu kwa wotumiza. Mtengo wake amalipira olandira, ndipo nthawi zina amalipira munthu amene akukambidwa m'kalatamo.

Mizere ya pamwamba pa imelo ilipo itatu. Woyamba ndi Para, kapena To ngati foni yanu ili m'Chingerezi. Amene mwamuika pamenepo mukumuuza kuti nkhaniyi ndi yake, achitepo kanthu, ayankhe. Wachiwiri ndi Cc, ndipo amene ali pamenepo ndi mboni: amve, asunge, koma katundu si wake. Wachitatu ndi Bcc, umene mafoni ena amaulemba Cco. Amene ali pamenepo amalandira kalata yonse, koma olandira enawo saona dzina lake. Ine ndimaiona mizere imeneyi ngati bwalo la kwa amfumu. Pali woitanidwa kuti ayankhe, pali okhala pambali kuti amve, ndipo pali wina amene waima kuseri kwa mpanda. Nthawi iliyonse mukadina potumizira mumakhala mwaitanitsa bwalo, ndipo anthu amawerenga mayina a oitanidwa asanawerenge n'komwe mawu anu.

Ndiyambe ndi batani la Responder a todos, kapena Reply all, chifukwa ndi limene linandichititsapo manyazi. Pa ofesi ina imene ndinagwirako ntchito, sinditchula dzina, tinkaitanitsa msonkhano wa atsogoleri a nthambi zathu za kumidzi. Ndinalemba imelo Lolemba m'mawa, ndinaika anthu 60 pa mzere wa Para, ndipo pansi ndinalemba kuti aliyense atsimikize kuti walandira. Mawu amenewo ndiwo anali cholakwa changa choyamba, chifukwa sindinanene kuti atsimikize kwa ndani. Woyamba anadina Responder a todos n'kulemba kuti "Recebido". Wachiwiri anaona kuti mnzake watero, nayenso anatero. Pofika Lachiwiri madzulo anthu 25 anali atayankha motero.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Imelo yanga inafika m'mabokosi 60. Yankho lililonse la kwa onse linafikanso m'mabokosi pafupifupi 60. Mayankho 25 kuchulukitsa ndi 60 ndi mauthenga 1,500, onse onena chinthu chimodzi chimene chinkafunika kwa ine ndekha. Ena anamatako chithunzi cha fomu yosainidwa chojambulidwa ndi foni, cha mamega 4 kapena kuposa. Munthu wofuna kuonetsetsa kuti sakuphonya kanthu akatsegula zithunzi 25 zotere, mamega 100 apita, ndipo mukudziwa kuti kwa ambiri a ife mamega amenewo amagulidwa ndi ndalama ya m'thumba, osati ya ofesi. Mukudziwanso kuti kuli malo kuno kumene netiweki ya Movitel kapena Vodacom munthu amachita kukaisaka pachulu.

Koma mamega sanali vuto lalikulu. Lachiwiri masana bwana anandiuza kuti msonkhano wasunthidwa ndi sabata imodzi. Ine, mwaulesi, ndinatsegula imelo yomwe ija, ndinadina Responder a todos, n'kulemba tsiku latsopano. Mutu wa imelo sunasinthe. Gmail imasonkhanitsa mauthenga a mutu umodzi kukhala mtolo umodzi, ndipo pa foni imakuonetsani woyamba ndi omalizira, apakatiwo n'kuwapinda pansi pa kanambala. Uthenga wanga utangopita, anthu ena asanu ndi mmodzi anawonjezera "Recebido" wawo, n'kuukwirira. Lachinayi m'mawa, tsiku lakale la msonkhano, ndinangoona njinga yamoto ikuima pakhomo, bambo wina wachikulire akutsika, jekete lili mbuu ndi fumbi, chikwama cha mafayilo atachimanga ndi mphira kumbuyo. Ananyamuka kusanache, mafuta anagula ndi ndalama yawo. Nditawauza, sanakalipe. Anatulutsa foni, anatsegula mtolo uja pamaso panga, n'kuyamba kutsitsa ndi chala: Recebido, Recebido, Recebido. Anandifunsa kuti, "Achimwene, pamenepa ndikanaona pati?" Ndinasowa choyankha.

Cholakwa chinali changa kawiri. Ndikanalemba kuti "yankhani kwa ine ndekha", kapena ndikanaika mayina onse pa Bcc kuti batani lija lisowe kopita. Ndipo kusintha kwa tsiku kunayenera kupita mu imelo yatsopano, ya mutu wake wake, wonena tsikulo pamutu pomwepo. Chizindikiro chakuti mtolo wafa n'chosavuta kuchiona: mukaona kuti mauthenga atatu otsatizana sakuwonjezera kanthu kwa wina aliyense kupatula wotumiza woyamba, dziwani kuti anthu asiya kuuwerenga, ndipo musaikemonso nkhani yofunika.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera ife a kutali ndi mizinda tokha. Pa 14 Novembala 2016, ku Mangalande, imelo yoyesera chabe inatumizidwa molakwika kwa ogwira ntchito za umoyo pafupifupi 840,000 a bungwe la NHS. Ena mwa iwo anayamba kudina Reply all n'kumati achotsedwe pamndandanda, ena n'kumakalipira anzawo kuti asiye kuyankha kwa onse, koma nawonso akuyankha kwa onse. Mauthenga anafika mamiliyoni mazanamazana, ndipo makalata enieni a ntchito anachedwa kwa maola. Ngakhale kampani ya Microsoft, imene imapanga Outlook, inagwa m'dzenje lomweli mu 1997, pamene mndandanda wa antchito ake pafupifupi 13,000 unabala mauthenga okwana 15 miliyoni. Chimene ndikufuna mutolepo n'chakuti wolemba kuti "siyani kuyankha kwa onse" amakhala akuthira nkhuni pamoto womwewo. Zikayamba zotere, khalani chete. Amene anatumiza imelo yoyamba ndiye alembe kamodzi, onse atawaika pa Bcc.

Tsono ena akamva zimenezi amalumbira kuti batanilo sadzalikhudzanso. Kumeneko n'kulakwa kwinanso, ndipo kumaononga ntchito mwakachetechete. Tiyerekeze kuti anthu anayi akukonza ulendo wokagawa mbewu: woyang'anira galimoto, wosunga katundu, wa ndalama ndi mlangizi wa kuderako. Wa galimoto wapeza kuti mtsinje wadzaza, Lachitatu sikupitika. Akayankha kwa wotumiza yekha, wosunga katundu apakira matumba Lachiwiri madzulo, mlangizi asonkhanitsa alimi Lachitatu m'mawa, onse osadziwa. Apa yankho ndi la onse, chifukwa likusintha zimene aliyense wa iwo achite. Funso la kudzifunsa ndi limodzi: kodi yankho langali likamufika uyu, achita china chosiyana ndi chimene akanachita? Ngati eya, akhalepo. "Zikomo", "ndalandira", "sindibwera, mwana akudwala", zonsezi ndi za wotumiza yekha. Ndipo ngati wina anaikidwa pa Cc monga mboni ya mgwirizano, inu n'kumuchotsa mwakachetechete poyankha, mwasintha bwalo popanda kuuza eni ake. Mukachotsa munthu kapena kuwonjezera wina, nenani pa mzere woyamba.

Ndifike tsono pa nkhani imene yadanitsa anthu ambiri m'maofesi, ya kuika bwana pa Cc.

Kwathu kuno mwamuna ndi mkazi akasemphana sathamangira kwa amfumu. Amayamba akambirana okha, zikakanika aitana ankhoswe, ndipo bwalo limabwera pambuyo. Munthu wodumpha zonsezi n'kukagwa kwa amfumu tsiku loyamba, ngakhale mlandu ukhale womukomera, anthu amamuona kuti cholinga chake chinali kuchititsa mnzake manyazi. Mu ofesi n'chimodzimodzi. Mukalembera mnzanu kuti "lipoti la mwezi uno silinafike", dzina la a diretori lili pa Cc, mawu anu akhale ofatsa chotani, mnzanuyo amawerenga kuti mwamuneneza. Chotsatira chake si lipoti. Amayankha kalata yaitali yodziteteza, amaikapo bwana wake wa iye, mwina ndi wina wa ku Tete, ndipo nkhani imene ikanatha ndi foni ya mphindi ziwiri yasanduka mlandu wa nthambi ziwiri. Ndaonapo anthu okhala zipinda zoyandikana, omwera tiyi pa ketulo imodzi, akulemberana motere kwa sabata yathunthu.

Palinso mtengo wina umene wolemba saona. Bwana amene aliyense amamuika pa Cc amasiya kuwerenga ma Cc. Tsiku limene mudzafune kuti aonedi, dzina lanu lidzakhala litazolowereka kale ngati phokoso. Ndipo akuluakulu amene muli pano, mundikhululukire, nanunso zimakuikani pangozi: zinthu zikavuta, wina adzatulutsa imelo n'kunena kuti "a diretori ankadziwa, onani dzina lawo", pamene inu simunaitsegule. Mukaona kuti ang'onoang'ono anu akukuikani pa imelo iliyonse, kawirikawiri si ulemu ayi, ndi mantha. Akufuna chishango. Auzeni momveka nkhani zimene mukufuna kuziona ndi zimene mwawasiyira.

Ndiye bwana aikidwe liti? Choyamba, ngati iye mwini anapempha. Chachiwiri, ngati mukulonjeza chinthu m'dzina la ofesi, kaya ndi ndalama, galimoto, mafuta kapena nthawi ya antchito, chifukwa amene adzayankhe za chinthucho ndi iye. Chachitatu, ngati mukulembera kunja kwa nthambi yanu, mwachitsanzo kuchokera ku zamaphunziro kupita ku zaumoyo, kapena kwa bungwe lothandiza, kapena ku chigawo. Boma lathu limayenda motsata makwerero, ndipo imelo sinachotse makwererowo. Kumene ofisiyu ya papepala ikanadutsa patebulo la bwana, imelo nayo asaimve kwa anthu ena. Kupitirira apo, nkhani ikhoza kukwera pokhapokha njira zapansi zitakanika, ndipo ikwere poyera.

Tione mmene zingayendere. Tiyerekeze kuti ndinu wosonkhanitsa ziwerengero za mwezi, zofunika kufika ku Tete pa 10, ndipo nthambi imodzi sinatumize zake, zimene zinayenera kubwera pa 5. Pa 6 mulembe kwa mwini ntchito yekha, Cc wopanda munthu, kufunsa ngati pali chovuta. Mwina kulibe netiweki, mwina mnzanuyo ali pamaliro. Pa 7 muimbe foni kapena mutumize uthenga pa WhatsApp, popeza tonse tikudziwa kuti kumeneko ndiko anthu amayang'ana msanga. Ngati wayankha pafoni n'kulonjeza, mulembe mzere umodzi pa imelo wobwereza zimene mwagwirizana, kuti pakhale cholembedwa. Mum'chenjezenso kuti pa 8 zikapanda kufika mudzayenera kudziwitsa a diretori, chifukwa tsiku la ku chigawo layandikira. Pa 8 ndiye mulembe chonchi:

```
Para: mwini lipoti
Cc: a diretori
Assunto: Ziwerengero za mwezi uno, zifike pofika pa 9
```

Mzere woyamba unene kuti mwaikapo a diretori, ndi chifukwa chake: tsiku la ku Tete ndi pa 10, ndipo mwina angathandize ndi njira ina yotumizira. Mnzanu sadzidzimuka, chifukwa munamuuza. Bwana akudziwa chimene akuitanidwira. Koma ngati mukufuna kuti bwanayo agamule kanthu, musamuike pa Cc n'kumadikira kuti alote. Muikeni pa Para, mum'tchule, mufunse funso lanu.

Pali msampha umodzi pano umene anthu ochenjera omwe amagwamo. Mukayankha imelo, mauthenga onse akale amatsatira pansi, ndipo pa foni amabisika kuseri kwa timadontho titatu. Mukawonjezera munthu watsopano pa Cc, mwamupatsa zonse zimene zili pansipo, kuphatikizapo nthabwala imene mnzanu analemba za bwana yemweyo sabata yatha, kapena mitengo ya wamalonda wina imene wamalonda mnzake sayenera kuiona. Musanawonjezere dzina, dinani timadontho tija muwerenge mpaka pansi. Mukapeza zosayenera, yambani imelo yatsopano.

Tsopano Bcc. Kuti mumvetse zimene amachita ndi zimene sangachite, ganizani za kalata ndi envelopu yake. Makompyuta onyamula imelo amayendera adiresi ya pa envelopu, imene inu simuiona. Mizere ya Para ndi Cc imene mumawerenga yalembedwa pa kalata yam'kati. Mukaika munthu pa Bcc, envelopu yake imapita, koma dzina lake silioneka pa makalata a enawo. Zotsatira zake ndi ziwiri. Wina wa pa Para akadina Responder a todos, wa pa Bcc salandira yankholo, chifukwa foni ya woyankhayo sikumudziwa. Koma wa pa Bcc uja, kalata yake ili ndi mayina onse a pa Para ndi pa Cc. Iye akadina Responder a todos, yankho lake lifika kwa onsewo, ndipo aliyense adziwa kuti kuseri kwa mpanda kunali munthu, ndiponso adziwa amene anamuimika kumeneko.

N'chifukwa chake ine sindivomereza kuika bwana pa Bcc polembera mnzanu. Ndi ukazitape, ndipo ndi ukazitape wosalimba. Bwana akuwerenga pa foni ali m'galimoto, saona kuti anabisidwa, ayankha kwa onse kuti "konzani msanga zimenezi", basi mwayaluka. Mnzanu uja sadzakulemberaninso momasuka mpaka mudzapume pantchito. Kumbukiraninso kuti m'maofesi ambiri bokosi la bwana limatsegulidwa ndi mlembi, ndipo adiresi ina ndi ya ofesi yonse, mawu ake achinsinsi akudziwika kwa anthu atatu kapena anayi. Chimene mukuyesa chobisika chawerengedwa ndi khamu. Ngati pali chifukwa chenicheni chakuti bwana adziwe popanda mnzanu kudziwa, monga mukakayikira kuti katundu akusowa, tumizani kaye imelo yanu, kenaka muitenge mu zotumizidwa, muipititse kwa bwana payokha ndi Encaminhar, n'kulembapo chifukwa chake. Akayankha, yankho libwera kwa inu nokha. Kapena ingogogodani pachitseko chake.

Koma Bcc yemweyu ali ndi ntchito ina imene ndi yabwino, ndipo kuiwala kumugwiritsa ntchito pamenepo ndiko kulakwa koopsa kuposa zonse zimene ndanenazi. Ndi pamene mukulembera anthu ambiri osadziwana, kapena amene kungokhala kwawo pamndandanda ndi chinsinsi. Mu Seputembala 2015 chipatala cha 56 Dean Street ku London chinatumiza kalata ya nkhani kwa anthu 781 olembetsa ku gawo lake la HIV. Wotumiza anaika maadiresi pa To m'malo mwa Bcc. M'kalatamo munalibe dzina la wodwala aliyense, koma aliyense anaona maadiresi a anzake onse, ndipo 730 mwa maadiresiwo anali ndi mayina athunthu a eni ake. Mu 2016 bungwe loyendetsa chipatalacho linalipitsidwa mapaundi 180,000. Mu Seputembala 2021 unduna wa zachitetezo wa dziko lomwelo unachita cholakwa chomwechi polembera anthu 245 a ku Afghanistan amene anathandizapo boma la Britain ndipo ankafuna kuthawa a Taliban. Awiri anadina Reply all, ndipo mmodzi wa iwo anatchula kumene ali. Chindapusa chinali mapaundi 350,000, koma kwa anthu aja chimene chinali pangozi ndi moyo.

London ndi mzinda wa mamiliyoni, komabe ena anazindikira mayina a anthu owadziwa. Nanga kuno ku Fingoé, kumene ambiri a ife adiresi yathu ndi dzina lathu ndi la bambo athu, mwinanso ndi chaka chobadwa? Mayina makumi awiri pa mzere wa Para, pansi pa mutu wonena za mankhwala otalikitsa moyo, kapena za antchito oitanidwa kukayankha mlandu, kapena za amene sanapambane pa mpikisano wa ntchito, ndiye kuti mwalengeza pamsika. Malamulo a dziko lathu sakhala chete pa zimenezi. Lamulo nambala 19/2014 limateteza chinsinsi cha munthu amene ali ndi HIV, kuntchito komwe, ndipo lamulo nambala 3/2017 la zochitika pa makina limazindikira uthenga wa pakompyuta pamaso pa malamulo, komanso lili ndi gawo loteteza mbiri ya munthu. Imelo yanu ikhoza kudzawerengedwa mokweza pamaso pa anthu amene simunawaganizire.

Kachitidwe kake nkosavuta. Pa Para ikani adiresi yanu yomwe, ena onse pa Bcc, ndipo mzere woyamba unene kuti kalatayi yapita kwa anthu ambiri mobisa maadiresi, kuti wina asadabwe. Izi zimaphanso vuto loyamba lija, chifukwa woyankha aliyense amafika kwa inu nokha. Malire ake alipo. Anthu a pa Bcc sangakambirane, choncho si njira ya gulu logwira ntchito limodzi. Adiresi wamba ya Gmail ili ndi malire a olandira pafupifupi 500 patsiku, ndipo kalata yopita kwa ambiri obisika nthawi zina imagwera mu bokosi la Spam. Ndipo Bcc amadalira chala cha munthu wotopa Lachisanu madzulo, pamene mzere wa Cc ndi wa Bcc ikusiyana ndi chilembo chimodzi. Pa nkhani za umoyo ndi za milandu ya antchito, malangizo anga ndi akuti musadalire Bcc n'komwe. Lemberani munthu mmodzimmodzi, kapena imbani foni.

Ntchito ina yaing'ono ya Bcc ndi kumasula munthu. Wina wakulumikizani ndi munthu amene mumamufuna, ntchito yake yatha. Poyankha, musunthireni pa Bcc n'kunena poyera kuti "zikomo amayi, ndakuikani pa Bcc kuti tisakudzazireni bokosi". Alandira uthenga umodziwo, ena otsatira samufika. Apa palibe chobisika, chifukwa mwanena.

Nanga chala chikaterereka? Gmail ili ndi batani lobweza uthenga, koma limagwira kwa masekondi ochepa, ndipo pa kompyuta mungawatalikitse mpaka 30 basi. Outlook ili ndi njira yoitanira uthenga kuti ubwerere, koma imagwira pakati pa maadiresi a bungwe limodzi, ndipo kwa munthu wa Gmail siingachotse kanthu. Madzi akatayika saoleka. Ngati mwangosokosera anthu ndi "Recebido", ingokhalani chete, kupepesa kwa onse ndi phokoso lachiwiri. Koma ngati mwaulula mayina kapena chinsinsi cha munthu, pitani kwa bwana wanu nthawi yomweyo, musadikire kuti amve kwa ena. Lembani uthenga umodzi watsopano, onse pa Bcc, wopempha kuti afufute woyamba uja, asaupititse kwina ndipo asauyankhe. Kenaka anthu amene mwawaulula muwauze nokha, mmodzimmodzi, asanamve m'njira.

Chizolowezi chimene chinandipulumutsa ine kuchokera tsiku la bambo a njinga yamoto aja n'chakuti mayina ndimalemba pomalizira. Ndimayamba ndi mawu, ndimamata fayilo, ndimawerenga, ndiyeno ndimadzaza mizere ya pamwamba. Imelo yopanda adiresi siingachoke, ngakhale chala chiterereke. Ndipo dzina likadzitulukira lokha mutangolemba zilembo zitatu, liwerengeni lonse, chifukwa a Phiri ndi a Banda m'foni mwanu alipo ambiri.

Pempho langa ndi ili. Tisanabalalike, aliyense atulutse foni, alowe mu zosintha za Gmail, aone chimene chasankhidwa pa kayankhidwe. Ngati pali Responder a todos, bwezerani pa Responder, kuti kuyankha kwa onse kuzikhala chinthu chochita kusankha. Ndipo akuluakulu a nthambi, pa msonkhano wanu wotsatira tengani mphindi zisanu muuze antchito anu nkhani zimene mukufuna kuikidwa pa Cc. Amene foni yawavuta andipeze pakhomopo, ndikhalapo mpaka nthawi ya nkhomaliro.